Kuchonga masamu a miyeso pa chithunzi: nambala isayende yokha

Masiku ano ntchito ya kusukulu imayenda pa foni. Mwana akamaliza masamu ake madzulo, amajambula pepalalo n'kutumiza pa WhatsApp kwa mphunzitsi, kwa mkulu wake kapena kwa malume ake amene ali kutali, kupempha kuti amuchongere. Wolandira chithunzicho nthawi zambiri amathamangira pa yankho lomaliza, n'kuliyerekeza ndi lake, kenaka n'kuyankha kuti "wakhoza" kapena "walakwa".

Pa masamu osintha miyeso, monga kuchoka ku makilomita kupita ku mamita, kachongedwe kotere kamanyenga. Kamatha kulakwitsa mwana amene wakhoza chifukwa kadontho sikanaoneke pa chithunzi. Kamathanso kukhozetsa mwana amene walakwitsa kawiri, zolakwazo n'kubisana. Choopsa kwambiri n'chakuti mwanayo sauzidwa pamene anaphonya njira, choncho amakabwereza zomwezo m'chipinda cholembera mayeso.

Mankhwala ake ndi amodzi. Nambala iliyonse iziyenda ndi dzina la muyeso wake pa mzere uliwonse wa samu, ndipo wochonga azifunsa pa mzere uliwonse kuti, "nambala iyi ndi ya chiyani?" Nkhaniyi ikulondola njirayi pa chitsanzo chimodzi: pepala la mafunso asanu ndi limodzi limene mtsikana wa Fomu 2 ku Blantyre watumizira malume ake ku Lilongwe.

Kuwerenga chithunzi kuyambe, kuchonga kubwere pambuyo

Ntchito yoyamba si masamu ayi, koma kutsimikiza zimene zalembedwa. Chithunzi cha foni chimabisa tinthu ting'onoting'ono, ndipo pa masamu a miyeso tinthu timeneti ndi timene tasenza tanthauzo lonse. Kadontho ka mu 2.5 kakafufutika, nambalayo imakula kakhumi. Ka 2 kakang'ono ka pamwamba pa m² kakazimirira, kukula kwa chipinda kumasanduka kutalika kwa chingwe. Zolemba za pensulo zimasokonezanso 1 ndi 7, 0 ndi 6, komanso cm ndi mm.

Kadontho ndi kamchira nazonso zimafuna maso. Ku Malawi 2,500 amawerengedwa kuti zikwi ziwiri ndi mazana asanu, pomwe ku Mozambique ndi m'sukulu za ku South Africa kamchirako kamagwira ntchito ya kadontho. Wachibale amene anaphunzira ku Tete akhoza kuwerenga 2,500 ngati ziwiri ndi theka.

N'chifukwa chake malume aja asanachonge kanthu akutenga kope lawo n'kukopera funso lililonse ndi mizere yonse imene mtsikanayo walemba, momwe ilili, osakonza. Pomwe akukayika akuikapo chizindikiro. Pa funso loyamba chikayiko chafika kale. Chithunzi chikuonetsa ngati funsolo likuti 25 km asinthidwe kupita ku mamita, ndipo mtsikanayo wayankha 2,500 m. Zikanakhala choncho, walakwa, pakuti 25 km ndi 25,000 m. Koma pakati pa 2 ndi 5 pali mpata wokulirapo, ndipo mthunzi wa dzanja wagwera pomwepo.

Apa wochonga wanzeru salota. Malumewo akulemba kuti, "Iwe, jambulanso funso loyamba, sindikuona bwino." Chithunzi chachiwiri chikuonetsa 2.5 km. Mtsikanayo wakhoza, ndipo wothamanga akanamulanda malikisi ake popanda mlandu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chithunzi chothandiza chimajambulidwa powala, foni itayang'ana pepala molunjika kuchokera pamwamba, tsamba limodzi pa chithunzi chimodzi, ndipo funso losindikizidwa likuoneka pamodzi ndi yankho. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, choncho ngati timanambala tating'ono tikusowa, kutumiza chithunzicho ngati Document kumasunga kuoneka kwake, ngakhale kumadya bando yambiri.

Funso lachiwiri: kuchulukitsa kapena kugawa?

Funso lachiwiri likufuna kuti 750 g asinthidwe kupita ku makilogalamu. Mtsikanayo walemba motere:

750 × 1,000 = 750,000 kg

Iye akudziwa kuti pakati pa galamu ndi kilogalamu pali 1,000. Chimene chamusokoneza n'chakuti 1,000 ameneyo achulukitse naye kapena agawe naye. Ana ambiri amaloweza lamulo la zimenezi, koma lamulo loloweza limathawa pa nthawi ya mayeso. Pali njira yosadalira kuloweza.

Popeza 1 kg ndi chimodzimodzi ndi 1,000 g, ziwirizi zikaikidwa china pamwamba china pansi pa kamzere kogawira, mtengo wake ndi 1. Kuchulukitsa chinthu ndi 1 sikusintha kulemera kwake, kumangosintha dzina lochitchulira. Mlatho umenewu ungalembedwe m'njira ziwiri: kilogalamu pamwamba ndi magalamu pansi, kapena magalamu pamwamba ndi kilogalamu pansi. Wosankha pa ziwirizi ndi muyeso umene ukufunika kuchotsedwa. Muyeso ukapezeka pamwamba ndi pansi umafafanizika, monga momwe 3 wa pamwamba ndi 3 wa pansi amafafanizikira.

Malume aja akubwezeretsa miyeso pa mzere wa mtsikanayo kuti aone chimene iye anachita:

750 g × (1,000 g / 1 kg)

Apa g ali pamwamba kawiri, ndipo palibe chimene chafafanizika. Chotsala ndi magalamu ochulukitsidwa ndi magalamu n'kugawidwa ndi kilogalamu, muyeso umene palibe sikelo imene imayeza. Ichi ndicho chizindikiro chakuti mlatho waikidwa chadodolido. Ukatembenuzidwa, zinthu zimalongosoka:

750 g × (1 kg / 1,000 g) = 0.75 kg

Tsopano g wa pamwamba wafafanizana ndi g wa pansi, ndipo watsala kg yekha, amene funso limafuna. Nambala 1,000 yapezeka pansi, kutanthauza kuti ndi yogawira. Palibe chimene chalowezedwa: malo a muyeso ndi amene anena zochita.

Wochonga amamaliza ndi funso la nzeru za pakhomo. Magalamu 750 sakwana ngakhale paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Makilogalamu 750,000 ndi matumba 15,000 a feteleza a makilogalamu 50. Yankho lotere silifuna katswiri kuti alikane.

Funso lachitatu: ka 2 kakang'ono kali ndi ntchito

Funso lachitatu likunena za chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, ndipo likufuna kukula kwa pansi pake mu cm². Mtsikanayo walemba mizere iwiri:

4 × 3 = 12 m²
12 × 100 = 1,200 cm²

Mzere woyamba uli bwino, ngakhale 4 ndi 3 akuyenda opanda miyeso. Akanalemba 4 m × 3 m, akanaona kumene m² akuchokera: ndi mita kuchulukitsa ndi mita. Kusaona zimenezi ndi kumene kwamugwetsa pa mzere wachiwiri. Iye watenga mlatho wa utali, wakuti mita imodzi ndi masentimita 100, n'kuugwiritsa ntchito kamodzi kokha. Miyeso ikabwezeretsedwa, mzerewo ukuoneka chonchi:

12 m × m × (100 cm / 1 m) = 1,200 m × cm

Mita imodzi yafafanizika, koma inzake yatsala. Nambala 1,200 si yabodza, koma dzina lake si cm². Ndi kuchuluka kwa timizere totalika mita imodzi, topingasa sentimita imodzi, timene tingadzaze chipindacho. Kuti mita yotsalayo ichoke, mlatho uyenera kuwolokedwa kachiwiri:

12 m² × (100 cm / 1 m) × (100 cm / 1 m) = 120,000 cm²

N'chifukwa chake sikweya mita imodzi ndi masikweya sentimita 10,000, osati 100. Wokayika akhoza kutsimikiza mwa njira ina, posintha miyeso asanachulukitse: 400 cm × 300 cm ndi 120,000 cm². Njira ziwiri zosiyana zikafika pa yankho limodzi, wochonga amakhazikika mtima.

Kusiyana kwa mayankho awiriwa kumaoneka bwino kwa womanga nyumba. Tailosi ya masentimita 40 mbali zonse imaphimba 1,600 cm². Chipinda cha 120,000 cm² chimafuna matailosi 75, osawerengera osweka ndi odulidwa. Chipinda cha 1,200 cm² sichingamalize ngakhale tailosi imodzi, pakuti n'chofanana ndi mapepala awiri a A4 oikidwa moyandikana.

Funso lachinayi: nambala yoona, dzina labodza

Funso lachinayi likuti minibasi ikuyenda pa liwiro la 72 km/h, ndipo liwirolo lilembedwe mu m/s, ndiko kuti mamita pa sekondi. Pano miyeso yosintha ndi iwiri, wa mtunda pamwamba ndi wa nthawi pansi. Mtsikanayo walemba:

72 × 1,000 = 72,000
72,000 ÷ 60 = 1,200 m/s

Wongoona yankho lomaliza angadule funso lonse. Koma woyenda mzere ndi mzere amapeza kuti ntchito yambiri ili bwino. Pa mzere woyamba makilomita asanduka mamita, ndipo 72,000 dzina lake ndi mamita pa ola. Pa mzere wachiwiri wagawa ndi 60, chifukwa ola lili ndi mphindi 60. Kugawako n'kolondola, koma kumafikitsa pa mamita pa mphindi. Minibasiyo ikuyendadi mamita 1,200 pa mphindi iliyonse. Cholakwa n'chakuti mtsikanayo watsikira panjira, n'kulemba dzina la kumene amapita m'malo mwa dzina la pamene waima.

Akanalemba miyeso, ka min kakanamuuza kuti ulendo sunathe:

72 km/h × (1,000 m / 1 km) = 72,000 m/h
72,000 m/h × (1 h / 60 min) = 1,200 m/min
1,200 m/min × (1 min / 60 s) = 20 m/s

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchiona pa mzere wachiwiri. Ola linali pansi pa kamzere, choncho pa mlatho liyenera kukhala pamwamba kuti lifafanizike. Lamulo ndi lomwe lija la funso lachiwiri: chimene chikuchotsedwa chimaikidwa mbali yotsutsana ndi kumene chili.

Nzeru za pakhomo zikugwiranso ntchito. Mawu amayenda mumpweya pa liwiro la mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Minibasi ya 1,200 m/s ikanafika pa siteji kulira kwa hutala yake kusanafike. Koma 20 m/s ndi liwiro lomveka, ndipo lili ndi phunziro kwa aliyense wogwira chiwongolero: dalaivala woyang'ana pa foni masekondi awiri okha pa liwiro limeneli amayenda mamita 40 osaona msewu.

Pochonga, malumewo akupereka chongi pa mizere iwiri yoyamba, n'kuzunguliza m/s yekhayo. Mtsikanayo sakufunika kuphunzitsidwanso funso lonse. Akufunika kuona kuti watsala ndi mlatho umodzi.

Funso lachisanu: miyeso yosakanizika

Funso lachisanu ndi la thanki ya madzi yotalika mamita 2, yopingasa mamita 1.5, yakuya masentimita 80. Funsolo likufuna malita amene angadzaze thankiyo. Olemba mafunso amaika dala muyeso umodzi wosiyana ndi inzake, ndipo pa chithunzi chosaoneka bwino ka c ka mu cm ndi koyamba kusowa. Mtsikanayo walemba:

2 × 1.5 × 80 = 240 m³
240 × 1,000 = 240,000 l

Miyeso ikabwezeretsedwa pa mzere woyamba, pakutuluka m × m × cm. Zimenezi si m³, pakuti kiyubiki mita imafuna mamita atatu ochulukitsana, ndipo apa alipo awiri. Masentimita 80 amayenera kusandutsidwa mamita kuchulukitsa kusanayambe:

80 cm × (1 m / 100 cm) = 0.8 m
2 m × 1.5 m × 0.8 m = 2.4 m³
2.4 m³ × (1,000 l / 1 m³) = 2,400 l

Chofunika kwa wochonga ndi mzere wachiwiri wa mtsikanayo. Nambala yake ndi yolakwika, koma njira yake ndi yolondola: wadziwa kuti kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndipo wachulukitsa moyenera. Kulakwa kwa mzerewu n'kotengera, kochokera pa mzere woyamba. Wochonga wabwino amasiyanitsa cholakwa chatsopano ndi cholakwa chotengera, ndipo sadzudzula mwana kawiri pa mlandu umodzi.

Malita 2,400 ndi ndowa 120 za malita 20, madzi amene thanki ya pakhomo ingasungedi. Malita 240,000 ndi ndowa 12,000. Mlatho wa pakati pa kiyubiki mita ndi malita ndi umene anthu a m'tauni amakumana nawo mwezi ndi mwezi, chifukwa mita ya madzi ya pakhomo imawerenga makiyubiki mita. Banja limene mita yake yayenda ndi 12 lagwiritsa ntchito malita 12,000, kapena ndowa 600.

Funso lachisanu ndi chimodzi: kukhoza kwa mwayi

Funso lomaliza ndi limene likuonetsa bwino chifukwa chake yankho lomaliza silokwanira. Likufuna kuti 5,000 cm asinthidwe kupita ku makilomita. Yankho la mtsikanayo ndi 0.05 km, ndipo ndi lolondola. Koma mizere yake ili chonchi:

5,000 ÷ 1,000 = 5 m
5 ÷ 100 = 0.05 km

Mizere yonse iwiri ndi yolakwika. Woyamba ukunena kuti mita imodzi ili ndi masentimita 1,000, ndipo wachiwiri ukunena kuti kilomita imodzi ili ndi mamita 100. Mtsikanayo wasinthanitsa milatho iwiri. Popeza kugawa ndi 1,000 kenaka ndi 100 kumafikitsa pamodzimodzi ndi kugawa ndi 100 kenaka ndi 1,000, zolakwa ziwirizo zaphimbana. Njira yoona ndi iyi:

5,000 cm × (1 m / 100 cm) = 50 m
50 m × (1 km / 1,000 m) = 0.05 km

Wopatsa chongi pa funsoli mosayang'ana mizere amamusiya mwanayo akukhulupirira kuti masentimita 5,000 ndi mamita 5. Tsiku limene funso lidzafune mamita okha, mwayi uja sudzakhalapo. Chodabwitsa n'chakuti mtsikana yemweyo anagwiritsa ntchito 1,000 molondola pa funso loyamba ndi lachinayi, ndiponso 100 pa funso lachitatu. Izi zikuuza wochonga kuti manambalawo akuwadziwa, koma amamusokonekera akakumana awiri pa funso limodzi popanda mayina awo.

Pamene njirayi imalekezera

Kufafaniza miyeso kumagwira mlatho woikidwa chadodolido, mlatho woiwalika ndi miyeso yosakanizika. Koma sikugwira mlatho umene nambala yake ndi yabodza. Wina akalemba kuti 1 km ndi 100 m, miyeso imafafanizika bwinobwino ndipo yankho limatuluka lolakwika. Choncho pa mlatho uliwonse pali mafunso awiri: kodi waikidwa moyenera, ndipo kodi za pamwamba ndi za pansi ndi zofananadi?

Nthawi nayo ili ndi msampha wake. Maola 2 ndi mphindi 30 si maola 2.3, koma 2.5, chifukwa mphindi 30 ndi theka la 60. Muyeso wa h umaoneka bwino pa manambala onse awiri, ndipo kufafaniza sikungaone vutolo. Galimoto yoyenda 60 km/h pa nthawi imeneyi imayenda makilomita 150, osati 138. N'chifukwa chake funso la nzeru za pakhomo, loyerekeza yankho ndi ndowa, thumba kapena chipinda, silisiyidwa.

Nambala yoyenda yopanda dzina inafikapo poika miyoyo ya anthu pachiswe. Pa 23 Julaye 1983, ndege ya Air Canada ya mtundu wa Boeing 767 yochokera ku Montreal kupita ku Edmonton inatha mafuta ili m'mwamba. Ulendowo unkafuna mafuta olemera makilogalamu 22,300. M'matanki munali malita 7,682, ndipo powerengera kulemera kwake ogwira ntchito anachulukitsa ndi 1.77, n'kupeza 13,597. Anaitenga nambalayi ngati makilogalamu. Koma 1.77 anali mapaundi pa lita. Mlatho wa makilogalamu unali pafupifupi 0.8 pa lita, ndipo mafutawo anali makilogalamu ongopitirira pang'ono 6,000. Mafuta owonjezera anawerengedwa ndi nambala yomweyo, kotero kuti ndegeyo inanyamuka ndi mafuta osakwana theka la ofunika. Oyendetsa anakwanitsa kuitsitsa injini zitazima pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, m'chigawo cha Manitoba, ndipo palibe anamwalira. Kuchulukitsa kwawo kunalibe vuto. Chimene chinasowa pa 1.77 ndi dzina lake, ndipo kulakwaku n'kwa mtundu umodzi ndi 1,200 wa minibasi uja.

Kubweza yankho kwa mwana

Kuchonga kwa pa foni kulibe cholembera chofiira chofika pa pepala lenilenilo, choncho uthenga uyenera kuloza malo enieni. Wochonga amatchula nambala ya funso ndi nambala ya mzere, amabwereza zimene iye wawerenga pa chithunzi, kenaka amafunsa funso limodzi lotsegula maso. Kubwereza zimene wawerenga kumapatsa mwana mpata wonena ngati chithunzi chanamiza. Kufunsa m'malo mopereka yankho kumasiya ntchito m'manja mwa mwini wake.

Uthenga wa malume aja pa funso lachinayi ungakhale wotere: "Funso 4, mzere wachiwiri, ndikuwerenga 72,000 ÷ 60 = 1,200 m/s. Mzere woyamba wakhoza. Tandiuza, 60 ameneyu ndi wa chiyani? Lemba muyeso pambali pa nambala iliyonse, uone chimene chatsala pansi." Mtsikanayo akayankha kuti, "Amalume, ndi mphindi za mu ola, ndiye kuti ndinatsala ndi masekondi," wapeza yekha chimene sadzaiwala.

Pa pepala lonselo chithunzi chake chasintha. Wongoona mayankho akanapereka chongi chimodzi pa zisanu ndi chimodzi, pa funso lomaliza, limene njira yake inali yolakwika kuposa onse, ndipo akanadula funso loyamba limene linali lolondola. Woyenda mzere ndi mzere wapeza kuti kuchulukitsa ndi kugawa kwa mtsikanayo kulibe banga paliponse, ndipo kuti zolakwa zake zonse zabadwa pa chizolowezi chimodzi, cholemba manambala okha n'kudzamata muyeso kumapeto. Mapepala a masamu a MANEB amalangiza olemba kuonetsa njira yonse imene atsata, choncho chizolowezi chimenechi chikakonzedwa ku Fomu 2, phindu lake limakaoneka pa mayeso a boma.

Ntchito imene malumewo akumusiyira si ya mafunso atsopano. Alembenso mafunso asanu omwewo, kuyambira lachiwiri, nambala iliyonse ili ndi muyeso wake, muyeso uliwonse wofafanizika utadulidwa ndi kamzere kooneka, kenaka ajambule tsambalo masana, mthunzi wa dzanja uli kutali.